Andiitanira ku vaiva koma ndili chaka choyamba

Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndalemba usiku, tulo tathawa. Ndili chaka choyamba kuno ku Mangalande, ndikuphunzira za umoyo wa anthu. Masabata atatu apitawo ndinapereka lipoti langa loyamba, la mawu 2000, lonena za zifukwa zimene amayi oyembekezera amachedwera kuyamba sikelo. Lero anzanga alandira malikisi, ine ndalandira imelo. Pamutu pake palembedwa "Invitation to viva". Akuti Lachinayi 10 koloko ndikakumane ndi aphunzitsi awiri kwa mphindi 30, nditenge manotsi anga onse. Ine ndimadziwa kuti zimenezi ndi za anthu omaliza digiri ya udokotala. Ndalakwanji?

Yoba wa ku Joni: Viva mlongo wanga viva! Kuno mawu amenewo timawamva pa misonkhano ya chipani, munthu akakweza chibakera m'mwamba. Mwina akufuna akuyamikireni kuti mwakhoza kuposa azungu.

Mai Nachisale: Achimwene a Yoba, mwanayu mtima uli m'mwamba inu mukuseka. Tadala mwanangu, usaope. Ife pophunzira unamwino kumudzi tinkachita zimenezo chaka chilichonse. Umalowa m'chipinda, aphunzitsi akhala kutsogolo, akufunsa mafunso pakamwa, iwe ukuyankha. Ndi mayeso wamba, kungoti palibe pepala.

A Mbewe: Mai Nachisale anena zoona mbali imodzi. Mawuwa ndi achilatini, chidule cha mawu awiri otanthauza kuti "ndi liwu lamoyo", ndiye kuti kuyankha pakamwa. Angelezi amatchula kuti vaiva, osati viva wa a Yoba. Koma vaiva ilipo ya mitundu ingapo. Ilipo ya omaliza digiri ya udokotala. Ilipo ya mayeso wamba imene Mai akunena, koma imeneyo imalembedwa m'buku la kosi kuyambira pachiyambi ndipo kalasi yonse imalowa. Ndiye ilipo yachitatu, yomwe amaitana munthu mmodzi atapereka kale ntchito, malikisi ake atawagwira. Tadala, yako ikuoneka ngati yachitatuyi. Wochonga waona china chake chimene chamukayikitsa ngati ntchitoyo unalemba wekha, kapena ngati unawerengadi zimene watchula. Sanakuweruze ayi, akufuna amve pakamwa pako. Tatiuza, pepala la malangizo a lipotilo linati chiyani?

Tadala: Zikomo a Mbewe, koma mwendo wazizira. Pa malangizo panali mizere iwiri imene inandivuta. Wina unati "Use at least six peer-reviewed sources", wina unati "Include an abstract of 150 words". Woyambawo ndinafunsa mnzanga wa ku Ghana, tinagwirizana kuti ndiye kuti zimene tagwiritsa ntchito anzathu a m'kalasi azione kaye. Tinasinthana malipoti, iye anaona langa ine lake. Wachiwiriwo ndinatenga ndime yoyamba ya lipoti n'kuifupikitsa.

Mai Nachisale: Nanga si ndi zomwezo? Piya riviyu ndiye kuti anzako ofanana nawe akuonere ntchito. Ine pa kosi yanga ya chaka chatha tinkapatsidwa ntchito za anzathu awiri kuti tilembepo ndemanga, ndipo pakompyuta pamalembedwa mawu omwewo.

A Mbewe: Mai, zimene munachitazo zilipodi ndipo dzina ndi lomwelo, n'chifukwa chake ana ambiri amagwera m'mbuna imeneyi. Koma onani pamene mawuwo aikidwa. Pa malangizo a Tadala akufotokoza magwero, osati lipoti lake. Akuti zolemba zimene ukutengamo mfundo zikhale zoti zinasefedwa kale ndi akatswiri zisanasindikizidwe. Ofanana nayeyo si mwana wa sukulu, ndi katswiri mnzake wa amene analemba kafukufukuyo.

Ndifotokoze momwe zimayendera, chifukwa ine ndimasefa mapepala a anthu kangapo pachaka, kwaulere, nthawi zambiri Loweruka mkazi wanga akudandaula. Wofufuza akamaliza kulemba amatumiza pepala lake ku jenolo, magazini yosindikiza kafukufuku. Mkonzi amaliwerenga kaye yekha, ndipo ambiri amabwezedwa pomwepo osafika kwa wina aliyense. Likapulumuka, mkonzi amalitumiza kwa akatswiri awiri kapena atatu a nkhani yomweyo. Wolembayo kawirikawiri sadziwa kuti ndi ndani, ndipo majenolo ena amabisanso dzina la wolemba kwa osefawo. Ife timaona ngati anthu amene anafunsidwa anali okwanira, ngati masamu ake akugwirizana ndi matebulo, ngati mawu omaliza sakudumpha kupitirira zimene anapeza. Timalemba ndemanga, mkonzi n'kusankha: kulandira, kubweza kuti akonze pang'ono, kubweza kuti akonze zambiri, kapena kukana. Kulandiridwa ulendo woyamba popanda chokonza n'kosowa kwambiri. Zonsezi zimatenga miyezi, nthawi zina kupitirira chaka.

Tadala, tatchula magwero ako asanu ndi limodziwo, limodzi limodzi.

Tadala: Chabwino. Loyamba ndi buku la malangizo la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la 2016, lija limati mayi woyembekezera aonedwe kasanu ndi katatu, koyamba mimba isanapitirire masabata 12. Lachiwiri ndi nkhani ya m'nyuzipepala ya kumudzi. Lachitatu ndinalipeza pa medRxiv. Lachinayi lili mu The Lancet, ndi lalifupi, tsamba limodzi. Awiri otsalawo, lina lili mu Malawi Medical Journal, lina mu jenolo ina imene dzina lake ndi lalitali, loyamba ndi "International Journal of".

Bambo Zulu: Mwauka bwanji a kwathu, ine ndine wa ku Chipata, ndakhala m'laibulale ya yunivesite zaka zambiri, ndiye izi ndi nsima yanga ya tsiku ndi tsiku. Mwa asanu ndi limodziwo, lomwe ndingaliikire kumbuyo mosakayika ndi limodzi, la Malawi Medical Journal, ngati lili la kafukufuku. Tiyeni tione enawo.

Nyuzipepala ichoke, ilibe osefa a mtundu umenewu. La pa medRxiv litsegulenso, uwerenge pamwamba penipeni pansi pa mutu. Upeza chenjezo loti pepalalo silinadutse mwa akatswiri ndipo lisagwiritsidwe ntchito pochiza odwala. Malo amenewo ndi oikapo mapepala amene akudikira kusefedwa. Nthawi zina pepala lomwelo limadzatuluka mu jenolo patapita miyezi, ndipo likatero amaika ulalo pamwamba pomwepo. Ukaupeza, tchula lotulukalo, koma uliwerenge, chifukwa manambala amatha kusintha likamakonzedwa.

La mu The Lancet ndi pomwe pali msampha. Jenolo ikhoza kukhala yosefa, koma si chilichonse chili m'katimo chomwe chinasefedwa ngati kafukufuku. Muli mawu a akonzi, muli makalata a owerenga, muli ndemanga. Tsamba limodzi lopanda gawo la njira zofufuzira, lopanda tebulo, ndi maganizo a munthu. Yang'ana pamwamba ngati palembedwa "Editorial", "Comment" kapena "Correspondence".

Tadala: Palembedwa "Comment". Mayo ine.

Bambo Zulu: Ndiye limenelo ungalitchule ngati maganizo, koma osaliwerengera pa asanu ndi limodzi aja. Tsopano la dzina lalitalilo. Tsegula tsamba loyamba, uyang'ane pansi kapena m'mbali. Mapepala ambiri amalemba masiku pa mawu akuti "Received" ndi "Accepted". Undiuze masikuwo.

Tadala: Analandira pa 3 Malichi, anavomereza pa 7 Malichi chaka chomwecho.

Bambo Zulu: Masiku anayi! Mwana wanga, pa masiku anayi mkonzi amakhala asanapeze n'komwe munthu wovomera kuwerenga. Alipo majenolo amene ntchito yawo ndi kutolera ndalama kwa olemba n'kusindikiza chilichonse, uku akulemba pakhomo kuti timasefa. Limenelo lisake mu DOAJ kapena mu Scopus, yomwe ndi mindandanda ya majenolo ovomerezeka, ndipo ngati silipezeka monsemo, pita nalo kwa wa laibulale wa dipatimenti yanu akuonere. Ulendo wina usayambire pa Google Scholar, chifukwa ilibe batani losankhira zosefedwa zokha, imasakaniza zonse. Yambira pa tsamba losakira la laibulale ya sukulu yanu. Ukalemba mawu osakira, kumbali kumakhala kabokosi kolembedwa "Peer-reviewed journals" kapena mawu ofanana nawo, uchonge pamenepo. Koma kabokosiko kamasefa majenolo, sikasefa nkhani imodzi imodzi, ndiye ndemanga ngati yako ija idzatulukabe.

Chikondi: Bambo Zulu, nanga la WHO mwalidumpha. Musandiuze kuti buku lomwe unduna wa zaumoyo umatsatira ndi lochepa mphamvu kuposa kapepala ka masamba asanu.

Bambo Zulu: Sindinati n'lochepa. Limaunikidwa ndi akatswiri, mwinanso mozama kuposa mapepala ambiri. Koma silinatuluke mu jenolo, ndipo aphunzitsi ambiri akalemba mawu aja amatanthauza mapepala a m'majenolo. Ine ndimauza ana kuti alitchule ndithu, koma likhale lachisanu ndi chiwiri.

A Mbewe: Ine pochonga ndikanaliwerengera. Mnzanga wa ofesi yoyandikana nane sakanatero. Pamenepa palibe lamulo limodzi, afunse mwini kosi. Ndiwonjezere kuti kusefedwa si chidindo cha choonadi. Pepala la dokotala wina dzina lake Wakefield lonena za katemera wa chikuku linatuluka mu The Lancet mu 1998 litadutsa mwa osefa, ndipo linadzachotsedwa mu 2010. Ife osefa sitipita kumudzi kukaona ngati anthuwo anafunsidwadi, timaona zimene zalembedwa basi.

Komabe Tadala, magwero olakwika okha saitanitsa vaiva. Amangochepetsa malikisi. Pali china. Mapepala awa unawawerenga onse mpaka kumapeto?

Tadala: Ndinene zoona. Atatu ndinawerenga kandime kapamwamba kokha, kaja kolembedwa "Abstract". Lina linkafuna ndalama kuti nditsegule lonse, enawo anali aatali ndipo nthawi inali itatha. Ndinkaganiza kuti kandimeko ndi mawu oyamba amene aliyense angatenge. Ziganizo zina ndinazikopera n'kusintha mawu awiri atatu, dzina la wolemba ndinaika kumapeto.

Lusungu: Eee, ndi pamenepo. Ine ndili chaka chachitatu ku Sikotilandi, zinandichitikira chimodzimodzi chaka choyamba. Pulogalamu ija imafananitsa ntchito yako ndi zolembedwa kale imagwira tindime timeneti msanga kuposa china chilichonse, chifukwa tili poyera pa intaneti ngakhale pepala lonse litatsekedwa. Wochonga amaona ziganizo zako zitapakidwa utoto, zonse zochokera m'ndime imodzi yapamwamba, palibe n'chimodzi chomwe chochokera m'kati mwa pepala. Amadziwiratu. Komanso chingelezi chimasintha mwadzidzidzi, apa cha ku sekondale ya kwathu, apa cha pulofesa. Kuika dzina kumapeto sikukwanira ngati mawuwo ndi ake ndipo sunawatsekere m'zizindikiro zosonyeza kuti ukubwereza mawu a wina.

Yoba wa ku Joni: Ndiye mwati abusitirakitiyo ndi chiyani kwenikweni? Ine ndimamva mawuwo pa zojambula zija zosaoneka mutu wake, zopachika m'mahotela.

A Mbewe: Liwu ndi lomwelo a Yoba, ntchito ndi ina. Pano ndi pepala lonse litafinyidwa m'ndime imodzi, kawirikawiri mawu 150 mpaka 300. Kusiyana kwake ndi mawu oyamba n'kwakuti mawu oyamba amakutsegulira chitseko, abusitirakiti imakuuziratu mapeto. Mawu oyamba amati "lipotili liona zifukwa". Abusitirakiti imatchula zifukwazo. N'chifukwa chake imalembedwa pomaliza ngakhale imakhala pamwamba, ndipo kawirikawiri simuikamo maina a olemba ena. M'majenolo a zaumoyo amaigawa ndi timitu, "Background", "Methods", "Results", "Conclusions".

Ya Tadala ya mawu 150 ikanakhala ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Choyamba chinene vuto: WHO imati mayi ayambe sikelo mimba isanapitirire masabata 12, koma ambiri kwathu amayamba mochedwa. Chachiwiri chinene chimene lipotilo likufuna kuyankha. Chachitatu chinene zimene unachita, kuti unasaka kuti, mapepala a zaka ziti, unasankha angati. Ziwiri zotsatira, zomwe ndi mtima wake, zinene zimene unapeza, monga kutalika kwa mtunda, ndalama zoyendera, kapena mwambo wobisa mimba ikadali yaing'ono, ngati ndi zimene mapepalawo akunena. Chomaliza chinene tanthauzo lake kwa ogwira ntchito m'chipatala. Njira yodziyesera ndi iyi: mupatse mnzako wa ku Ghana uja ndime yokhayo, umufunse kuti lipotili lapeza chiyani. Akalephera kuyankha, walemba mawu oyamba.

Ndipo kuipa kodalira abusitirakiti ya munthu wina n'kwakuti olemba amaikamo zokoma zokha. Zoti anafunsa amayi a pa chipatala chimodzi cha m'tauni, kapena kuti ena anakana kuyankha, zimabisala m'kati. Iwe ukalemba kuti "amayi a ku Malawi amachedwa chifukwa chakuti", pamene pepalalo linali la chipatala chimodzi, wanamizira wolemba.

Chikondi: Tadala, ine ndikuuze za vaiva kuti mtima ukhale m'malo. Yanga ndinachitira ku Holandi. Kumeneko imachitika poyera, m'holo, abale ndi anzako atakhala kumbuyo, mapulofesa atavala mikanjo. Umakhala ndi anthu awiri okuperekeza pambali pako ngati ankhoswe. Nthawi ikakwana amalowa munthu wonyamula ndodo, n'kunena mawu achilatini oti nthawi yatha, ndipo aliyense amasiyira pomwepo ngakhale pakati pa chiganizo. Ine anandipulumutsa pa funso lomwe sindinkalidziwa. Pambuyo pake ndi phwando.

Lusungu: Achemwali a Chikondi, nkhani yanu ndi yokoma koma si ya Tadala. Kumeneko buku limakhala litavomerezedwa kale musanalowe m'holo. Uyu akupita kokafunsidwa ngati anakopera.

A Mbewe: Ndi zoona. Ngakhale ya udokotala ya kuno si phwando: chitseko chotseka, oyesa awiri, wina wa pasukulu pomwepo wina wochokera ku yunivesite ina, maola awiri kapena atatu tsamba ndi tsamba, ndipo ambiri amatuluka ndi zoti akakonze. Koma tisamusokoneze mwanayu. Lusungu, iwe unalowamo, muuze.

Lusungu: Yanga inatenga mphindi 25. Anali awiri, mwini kosi ndi mayi wina amene ankalemba zokambirana. Anaika lipoti langa patebulo, ndime zina atazilemba mzere. Funso loyamba linali losavuta, unayamba bwanji kulemba, unasaka kuti. Kenako analoza chiganizo china n'kuti tafotokoza izi m'mawu ako. Kenako anatchula pepala limodzi n'kufunsa kuti anthu amene anafunsidwa anali angati, anali a kuti. Apo ndinangoti kakasi, chifukwa sindinaliwerenge. Ndinavomera.

Zochita kuyambira mawa ndi izi. Pita ku ofesi ya uphungu ya yuniyoni ya ophunzira. Ndi yaulere, si mbali ya aphunzitsi, ndipo m'masukulu ambiri amaloledwa kukuperekeza, imeloyo iyenera kuti yanena ngati ungabwere ndi munthu. Yankha imeloyo mwaulemu, ufunse kuti chawakayikitsa n'chiyani kwenikweni. Sonkhanitsa manotsi, zolemba zako zoyambirira, ndi mbiri ya fayilo yosonyeza masiku amene unkalemba. Usasinthe kanthu m'mafayilowo, tsiku losinthira limaoneka. Mapepala atatu aja uwawerenge onse tsopano, lotsekedwalo ulitsegule kudzera ku laibulale utalowa ndi dzina lako la sukulu, nthawi zambiri sukulu inalipira kale.

Mai Nachisale: Koma zovomerazo ine ayi. Awerenge usiku uno, Lachinayi akayankhe ngati anawerenga kalekale. Mwana wa eni ake anachoka kutali, fizi ndi yokwera, viza ili pakhosi. Ukavomera wekha wawapatsa chingwe.

Lusungu: Anti, umboni ali nawo kale m'manja. Ziganizo zopakidwa utoto zija sizichoka chifukwa wawerenga Lachitatu. Akaona kuti ukunama, nkhani imachoka pa kusadziwa kulemba n'kupita pa chinyengo, ndipo zilango zake n'zosiyana kutali.

A Mbewe: Ine ndili mbali ya Lusungu, ngakhale mantha a Mai ndikuwamva. Masukulu ambiri kuno amasiyanitsa kulemba mosadziwa ndi kuba mwadala, ndipo wa chaka choyamba pa ntchito yoyamba, amene anatchula maina a olemba ngakhale molakwika, kawirikawiri amagwera koyambako. Zotsatira zake zimakhala chenjezo, kutumizidwa ku maphunziro a kalembedwe, kuchotseredwa malikisi, kapena kulembanso. Koma sukulu iliyonse ili ndi malamulo ake olembedwa, uwasake pa tsamba la sukulu yanu pansi pa mawu akuti "Academic integrity" kapena "Academic misconduct", uwerenge ndi mlangizi wa yuniyoni. Za viza umufunse yemweyo, ife pano tingakunamize.

Lusungu: Ine anandiuza kuti ndilembenso, koma malikisi asapitirire 40, omwe ndi malire okhozera. Zinandiwawa chifukwa lachiwirilo linali labwino zedi. Imelo yake akalemba mawu akuti "capped" ndiye tanthauzo lake limenelo, ine ndinkayesa za chipewa cha pa tsiku lomaliza maphunziro.

Mai Nachisale: Chabwino, inu ndinu ophunzira. Koma ine ndikanakhala mayi ake ndikanati ayankhe zimene wafunsidwa zokha, asayambe kuulula ndi za mnzake wa ku Ghana yemwe.

Bambo Zulu: Apo Mai mwakhudza pena. Kusinthana malipoti athunthu ntchito isanaperekedwe masukulu ena amakuona ngati kugwirizana kosaloledwa, makamaka ngati ziganizo zafanana. Tadala, unatengako kanthu m'lipoti la mnzakoyo?

Tadala: Ayi, lake linali la matenda a shuga. Anangondikonzera masipelo. Koma tsopano ndikuopa, ndinene kapena ndisanene? Ndalembera a yuniyoni, andipatsa nthawi mawa 2 koloko. Ndatsegulanso pepala lotsekedwa lija kudzera ku laibulale, latseguka, masamba 11. Ndafika pa gawo la njira zofufuzira, ndipo a Mbewe munalosera: amayi onse anali a m'tauni, pamene ine ndinalemba za amayi akumidzi ndime yonse.

A Mbewe: Lemba zimenezo papepala upite nazo Lachinayi, unene wekha kuti ndime imeneyo unalakwitsa ndipo chifukwa chake ndi ichi. Za mnzakoyo funsa mlangizi mawa usanalankhule ndi wina aliyense, ine ndi Mai Nachisale sitigwirizana pamenepo.

Tadala: Zikomo nonse. Bambo Zulu, jenolo ya masiku anayi ija mu DOAJ mulibe. Scopus ikundifunsa kuti ndilowe kudzera ku sukulu, ndiyesa m'mawa ndikafika ku laibulale.